Gemu ikamadukiza: vuto lili m'nyumba mwanu kapena pa seva?

Mwamuona mdani ali pakona, mwawombera, ndipo mukukhulupirira kuti mwamulasa. Mwadzidzidzi chithunzi chikuima, munthu wanu akubwerera pamene anali kanthawi kapitako, ndipo mukupeza kuti waphedwa kale. Osewera magemu a pa intaneti amati imeneyi ndi lagi, ndipo ikachitika pamamveka mawu awiri okha. Ena amati seva yafa, ena amati netiweki yavuta. Kenaka wina amakagula bandulo yaikulu, wina amasintha rauta, wina amangozimitsa n'kukagona ali wokwiya. Zimandimvetsa chisoni kuona ndalama zikupita chotere, chifukwa malo amene vuto lagona angathe kupezeka ndi zida zimene zili kale m'kompyuta, popanda kulipira kalikonse.

Pakati pa chala chanu ndi seva ya gemu pali ulendo wa zigawo zinayi. Choyamba ndi cha m'nyumba, kuchokera pa kompyuta kapena foni kufika pa rauta. Chachiwiri ndi cha kampani imene imakugulitsani intaneti, kuchokera pa rauta kufika pa nsanja ya netiweki kapena pa chingwe cha faiba. Chachitatu ndi njira yaitali yodutsa m'maiko ena. Chachinayi ndi seva yeniyeniyo. Nambala imene gemu imakuonetsani pakona ndi ya ulendo wonse pamodzi, choncho payokha singakuuzeni chigawo chimene chadwala. Ntchito yathu ndi kuudula ulendowu m'zigawo zake n'kuyeza chilichonse pachokha, kuyambira chapafupi.

Manambala atatu

Uthenga wa pa intaneti suyenda wonse nthawi imodzi. Umagawidwa m'timagulu ting'onoting'ono totchedwa mapaketi. Mu gemu yowomberana ngati Counter-Strike 2, seva imawerengera zochitika za m'bwalo maulendo 64 pa sekondi iliyonse, ndipo mapaketi amakhala akupita ndi kubwera mosalekeza, kunena pamene mwaima, kumene mwayang'ana ndi pamene anzanu ali. Tingawayerekeze ndi maminibasi a pa msewu umodzi. Pali nthawi imene minibasi imatenga kupita m'tauni ndi kubwerako, pali funso lakuti kodi imatenga nthawi yofanana ulendo uliwonse, ndiponso pali ena amene amanyamuka koma osafika. Zitatuzi ndiye pingi, jita ndi kutayika kwa mapaketi.

Pingi ndi nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerera, ndipo imawerengedwa m'mamilisekondi. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000, ndipo pa sikirini amalemba `ms`. Dzinali linachokera ku kapulogalamu kamene Mike Muuss analemba ku America mu 1983, kamene mpaka lero kakupezeka m'kompyuta iliyonse. Chofunika kudziwa n'chakuti mbali ina ya pingi ndi mtunda basi, ndipo palibe bandulo imene ingauchotse. Kuwala kumayenda m'chingwe cha faiba pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti makilomita 100 aliwonse amaonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwera. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Johannesburg, kumene kampani ya Valve ili ndi maseva a Counter-Strike 2 ndi Dota 2, ndi makilomita pafupifupi 1,500 mukalunjika ngati mbalame. Choncho pingi singatsike kupyola mamilisekondi 15 ngakhale zonse zitakhala bwino kwambiri, ndipo popeza zingwe zimakhotakhota komanso zimadutsa m'makina ambiri, nambala yeniyeni imakhala yokwera kuposa pamenepo. Seva ikakhala ku Ulaya, kumene mapaketi amafika atazungulira gombe la Africa m'zingwe za pansi pa nyanja, musadabwe kuona 150 kapena 200. Pingi yotere, ngati ikukhazikika pamodzimodzi, si chizindikiro chakuti china chake chaonongeka. Ikungokuuzani kuti mukusewera kutali.

Jita ndiye nambala imene anthu ambiri saiyang'ana, chonsecho ndi imene imaononga gemu kawirikawiri. Imayeza kusinthasintha kwa pingi. Tiyeni titenge anthu awiri. Woyamba wayeza kasanu n'kupeza 49, 51, 50, 48 ndi 52. Wachiwiri wapeza 30, 85, 28, 32 ndi 75. Mukaphatikiza n'kugawa ndi 5, onse awiri ali ndi pingi ya 50. Koma taonani kusiyana kwa nambala iliyonse ndi yotsatira yake. Kwa woyamba ndi 2, 1, 2 ndi 4, ndiye jita yake ili cha pa 2. Kwa wachiwiri ndi 55, 57, 4 ndi 43, ndiye jita yake ili cha pa 40. Woyambayo asewera bwinobwino, wachiwiriyo aona anthu akudumphadumpha pa sikirini. Chifukwa chake n'chakuti gemu imatha kuzolowera kuchedwa kokhazikika, poti imalosera pamene munthu akhale kanthawi kakubwerako. Dzanja la wosewera nalonso limazolowera. Koma mapaketi akamafika ena mofulumira ena mochedwa, kulosera kuja kumaphonya, ndipo gemu imakakamizika kukonza chithunzi mwadzidzidzi. Ine ndingasankhe pingi ya 90 yokhazikika kusiyana ndi ya 50 yogwedezeka.

Kutayika kwa mapaketi kumalembedwa m'maperesenti, ndipo pa sikirini mudzaona mawu akuti `loss`. Mukamatsitsa failo, paketi yotayika imatumizidwanso ndipo simuzindikira n'komwe. Magemu othamanga ambiri sadikira zimenezo, chifukwa uthenga wonena pamene mdani anali theka la sekondi lapitalo ulibenso ntchito. Nambala yaing'ono pano ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Pa mapaketi 64 pa sekondi, kutaya 2 peresenti ndi kutaya paketi yoposa imodzi sekondi iliyonse, kapena pafupifupi 77 pa mphindi. Akamatayika imodziimodzi motalikirana, gemu imatha kubisa. Koma onse 77 akatayika motsatizana, ndiye kuti mwakhala kuposa sekondi yathunthu osamva kanthu kuchokera ku seva, ndipo ndi pamenepo munthu wanu amabwezedwa mmbuyo.

Pali nambala yachinayi imene siikhudzana ndi netiweki koma imasokoneza ambiri, ndiyo `FPS`, chiwerengero cha zithunzi zimene kompyuta kapena foni ikujambula pa sekondi. Ngati pingi yakhazikika, palibe paketi yotayika, koma `FPS` yagwa kuchoka pa 60 kufika pa 20, vuto ndi makina anu. Mwina atentha, mwina laputopu yachoka pa magetsi n'kuyamba kusunga batire. Yang'anani nambala imeneyi poyamba, musanaimbe mlandu wina aliyense.

Nyumba imodzi, madzulo amodzi

Tiyerekeze nyumba ina ku Lilongwe. Manambala amene nditchule ndi a chitsanzo, koma ndi a mtundu umene munthu amakumana nawo. M'nyumbamu muli rauta ya simukhadi imene ili pabalaza pafupi ndi wailesi yakanema. Mnyamata wa m'nyumbamo amasewera pa laputopu m'chipinda chake, kuseri kwa makoma awiri a njerwa, pa seva ya ku Johannesburg. Masana pingi yake imakhala cha pa 60. Madzulo ano ikudumpha kufika 300, ndipo gemu ikuonetsa kuti 3 peresenti ya mapaketi ikutayika.

Lamulo loyamba ndi lakuti muyeze vuto likuchitika. Kuyeza mmawa zinthu zili bwino sikungakuuzeni chimene chinachitika usiku. Choncho gemu ili yotsegula, mnyamatayu atsegule `Command Prompt` ya pa Windows n'kulemba `ipconfig`. Pa mzere wolembedwa `Default Gateway` apeza adiresi ya rauta yake. Kawirikawiri imakhala `192.168.1.1` kapena `192.168.0.1`, ndipo marauta ambiri a simukhadi amakhala pa `192.168.8.1`. Kenaka alembe izi:

```
ping -n 200 192.168.8.1
```

Lamuloli likutumiza timapaketi 200 ku rauta, kamodzi pa sekondi, ndiye zitenga mphindi zitatu ndi pang'ono. Ogwiritsa ntchito Mac kapena Linux alembe `-c` m'malo mwa `-n`. Musamayeze ndi timapaketi tinayi tokha timene Windows imatumiza mukapanda kuiuza nambala, chifukwa vuto lobwera mwa apo ndi apo lingakuzembeni. Pamapeto pabwera mawu ngati awa:

```
Sent = 200, Received = 196, Lost = 4 (2% loss)
Minimum = 2ms, Maximum = 240ms, Average = 21ms
```

Apa paketi sinatuluke n'komwe m'nyumba. Yangoyenda mamita khumi kuchoka kuchipinda kufika pabalaza. Pa ulendo wotere, chingwe chimapereka milisekondi imodzi kapena kucheperapo, wayifayi yabwino imapereka pakati pa 1 ndi 5, ndipo sipayenera kutayika paketi ngakhale imodzi. Diso lanu lisathamangire pa `Average`, chifukwa 21 ikuoneka ngati yaing'ono. Yang'anani mpata wa pakati pa `Minimum` ndi `Maximum`. Kuchoka pa 2 kufika pa 240 ndi jita yaikulu kwambiri, ndipo yabadwira m'nyumba momwemo. Seva ya ku Johannesburg ilibe nayo mbali.

N'chifukwa chiyani wayifayi imachita zimenezi? Zipangizo zonse zolumikizidwa pa njira imodzi ya mpweya zimalankhula mosinthana, china chikamalankhula zinazo zimadikira. Uthenga ukasokonezeka chifukwa cha khoma kapena phokoso la zipangizo zina, wayifayi imautumizanso yokha, kangapo ngati n'kofunika, isanagonje. N'chifukwa chake wayifayi yofooka imayamba kuoneka ngati jita, ndipo kutayika kwa mapaketi kumabwera zinthu zikafika poipa. Gulu la mafunde la `2.4 GHz` limapyola makoma bwino koma ndi lodzaza, chifukwa marauta a anthu oyandikana nawo, zomvetsera za bulututhi ndi maikulowevu zonse zili momwemo, ndipo njira zosadyerana m'menemo ndi zitatu zokha, 1, 6 ndi 11. Gulu la `5 GHz` lili ndi malo ambiri koma limafooka msanga likakumana ndi njerwa. Timizere tosonyeza mphamvu ya wayifayi tingakhale todzaza koma jita ili yoipa, popeza timayeza mphamvu ya mafunde, osati kuchuluka kwa amene akulimbirana mpweyawo.

Umboni wotsimikizika ndi chingwe. Mnyamatayu abwereke chingwe cha netiweki, alumikize laputopu ku rauta mwachindunji, azimitse wayifayi ya pa laputopupo, n'kubwereza kuyeza komwe kuja. Tsopano wapeza `Lost = 0`, `Minimum = 0ms`, `Maximum = 2ms`. Chigawo choyamba chachira, ndipo tadziwa kuti chinkadwala ndi wayifayi. Manambala akanakhalabe oipa ali pa chingwe, tikanakayikira chingwecho, doko la pa laputopu kapena rauta yeniyeniyo. Kumene chingwe sichingafike, yesani `5 GHz` muli pafupi ndi rauta, ndipo ichotseni pansi kapena kuseri kwa wailesi yakanema n'kuiika pamwamba poonekera.

Koma tiyerekeze kuti wabwerera mu gemu, zinthu zasinthako, kutayika kwa mapaketi kwatha, komabe pingi ikumadumpha kufika 400 kwa masekondi angapo n'kutsikanso. Tsopano tiyeze chigawo chachiwiri. Atsegule mawindo awiri a `Command Prompt` moyandikana, lina lipite ku rauta, lina kunja:

```
ping -t 192.168.8.1
ping -t 1.1.1.1
```

Chizindikiro cha `-t` chikutanthauza kuti apitirize mpaka mutadina `Ctrl+C`. Adiresi ya `1.1.1.1` ndi ya kampani ya Cloudflare, ndipo ya `8.8.8.8` ya Google ingagwirenso ntchito yomweyo. Gemu ikangodukiza, ayang'ane mawindo onse awiri. Akuona kuti la rauta lili phee pa 1, pamene lakunja lachoka pa 45 kufika 420. Ndiye kuti kuchedwa kukuyamba paketi ikamatuluka mu rauta.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira kunena kuti kampani ya intaneti yalakwa, koma pali funso limodzi lofunika kulifunsa kaye: ndani winanso akugwiritsa ntchito intanetiyi m'nyumba muno? Njira yotumizira zinthu kunja imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Foni ya mlongo wake ikayamba kutumiza vidiyo pa WhatsApp, kapena ikayamba kusunga yokha zithunzi za tsikulo pa intaneti, mapaketi amachuluka kuposa mmene njirayo ingatengere. Rauta siitaya otsalawo, imawaika pa mzere. Tiwerengere. Ngati njira yotumizira ikutenga mamegabiti 2 pa sekondi, ndipo pa mzere padikira makilobaiti 100, amene ndi makilobiti 800, mzerewo utenga mamilisekondi 400 kuti uthe. Kapaketi ka gemu, ngakhale n'kakang'ono, kayenera kuima kumbuyo kwa zonsezo. Nayo 400 imene mnyamata uja akuona. Vutoli limabisala kwambiri chifukwa mukayeza liwiro la intaneti mupeza nambala yabwino ndithu. Liwiro ndi kuchedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Gemu yambiri siifuna ngakhale megabiti imodzi pa sekondi, imangofuna kuti kochepa kameneko kasaimitsidwe pa mzere.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Apemphe a m'nyumba kuti azimitse wayifayi pa mafoni awo kwa mphindi zisanu, aonenso ngati laputopu yakeyo siikutsitsa zatsopano za Windows kapena za Steam mwakachetechete. Windo lakunja likabwerera pa 45 mpaka 60 n'kukhazikika, ayatse foni imodzi n'kutumiza vidiyo dala. Nambala ikakweranso nthawi yomweyo, nkhani yatha, vuto ndi la m'nyumba ngakhale limaonekera kunja kwa rauta. Marauta ena ali ndi gawo lolembedwa `SQM` kapena `QoS`, limene limachepetsa liwiro pang'ono, mwina kufika pa 85 kapena 90 peresenti ya liwiro lenileni, kuti mzere usatalike ndiponso kuti timapaketi ting'onoting'ono tisadikire kumbuyo kwa zazikulu. Pa faiba zimenezi zimathandiza kwambiri. Pa simukhadi n'zovutirapo, chifukwa liwiro lenilenilo limasintha mphindi iliyonse, ndiye nambala yoti muikepo siikhazikika. Kumeneko chimene chimagwira ntchito ndi kugwirizana pabanja za nthawi, komanso kuuza mafoni kuti asamasunge okha zithunzi nthawi ya madzulo.

Kunja kwa mpanda

Nanga mafoni onse atazimitsidwa, laputopu ili pa chingwe, rauta ikuyankha pa 1, koma windo lakunja likugwedezekabe? Pamenepo ndiye tatuluka m'nyumba. Chothandiza kwambiri pano ndi wotchi. Nsanja ya netiweki imagawira anthu onse a m'dera lanu, ndiye ngati manambala amaipa tsiku lililonse kuyambira cha m'ma 7 koloko madzulo mpaka cha m'ma 10, koma m'bandakucha ali bwino, nsanjayo kapena njira ya kuseri kwake yadzaza. Ngati ali oipa usana ndi usiku womwe, kayikirani mphamvu ya mafunde ofika pa rauta, ndipo yesani kuisunthira pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja.

Kuti muone njira yonse, Windows ili ndi `tracert` ndi `pathping`, ndipo pali kapulogalamu kaulere kotchedwa WinMTR kamene kamaonetsa makina onse amene paketi ikudutsamo, aliyense pa mzere wake, ndi pingi komanso kutayika kwake. Pano pali msampha umene umakola ngakhale anthu odziwa. Mudzaona mzere wina wapakati ukuonetsa kuti 60 peresenti yatayika, kapena nyenyezi zokhazokha ndi mawu akuti `Request timed out`, pamene mizere yotsatira ikuonetsa 0. Makina amenewo sanaonongeke. Ntchito yawo yaikulu ndi kupititsa mapaketi a anthu patsogolo, ndipo kuyankha mafunso a oyeza amakuika kumapeto kapena kukukana kumene. Akanakhala kuti akutayadi mapaketi, mizere yonse ya kutsogolo kwawo ikanaonetsanso kutayikako, popeza chilichonse chopita kutsogolo chimadutsa mwa iwo. Lamulo lake ndi ili: vuto lenileni limayamba pa mzere wina n'kupitirira mpaka mzere womaliza. Pamene layambirapo ndi pamene muyang'ane. Likayamba pa mzere wachiwiri kapena wachitatu, lili m'manja mwa kampani yanu. Likayamba kutali, pingi itakwera kale chifukwa cha mtunda, lili pa njira za pakati pa maiko. Kukwera kwa pingi kamodzi ndi mamilisekondi 100 n'kukhazikika pamenepo kumangosonyeza kuti paketi yalowa m'chingwe chachitali cha pansi pa nyanja.

Njira yaitaliyi imatikhudza kwambiri ife a m'maiko opanda gombe. Intaneti ya ku Malawi ndi ku Zambia imayenda pamtunda kudutsa m'maiko oyandikana nawo isanafike ku zingwe za m'nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka m'nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Nthawi ngati imeneyo makampani amakhotetsa mapaketi kudzera njira zina zazitali ndi zodzaza. Wosewera amaona pingi yakwera ndipo mapaketi akutayika, chonsecho rauta yake ili bwino ndipo seva nayonso ili bwino.

Pali chida china chimene ambiri kwathu kuno ali nacho m'thumba, ndicho simukhadi yachiwiri ya kampani ina. Lumikizani laputopu ku foni ndi chingwe chake chotchajira, mugawe intaneti ya kampani inayo, n'kulowa mu gemu yomweyo pa seva yomweyo. Zikayenda bwino, seva ilibe mlandu, vuto lili pa kampani yoyamba ija kapena pa njira imene imadutsa. Zikavuta chimodzimodzi pa makampani onse awiri, pamene `1.1.1.1` ikuyankha bwino pa onsewo, chala chayamba kuloza ku mbali ya gemu.

Mukaganiza zodandaula ku kampani, musapite ndi mawu akuti intaneti ikuchedwa, chifukwa adzakuuzani kuti muzimitse rauta n'kuyatsanso. Pitani ndi zithunzi za mawindo awiri aja, zosonyeza kuti munali pa chingwe, rauta inkayankha pa 1, koma kunja mapaketi ankatayika, ndipo mulembe tsiku ndi ola la kuyeza kulikonse kwa masiku angapo. Umboni wotere umathandiza amisiri awo kudziwa poyambira.

Seva ikadwaladi

Seva imadwala, koma mocheperapo kusiyana ndi mmene imanenedwera. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi zonse tafotokozazi. Chachikulu ndi chakuti imadwalitsa onse pamodzi. Mu gemu ya anthu khumi, ngati inu nokha mukudumphadumpha pamene anzanu akuti kwawo kuli bwino, vuto lili pa njira yanu. Ngati onse khumi, a m'mizinda yosiyana ndi makampani osiyana, aima pa sekondi imodzimodziyo, palibe china chowalumikiza koma seva kapena khomo lolowera kumene sevayo ili. Choncho funsani anzanu, ndipo ngati gemu imaonetsa pingi ya aliyense pa bolodi la zigoli, onani ngati zakwera zonse pamodzi.

Chizindikiro chachiwiri n'chodabwitsa poyamba: pingi yanu ingathe kukhala yabwino kotheratu gemu ikudukiza. Seva yowerengera maulendo 64 pa sekondi ili ndi mamilisekondi osakwana 16 kuti imalize kuwerengera kumodzi. Ikalemedwa n'kuyamba kutenga 30 kapena 40, zochitika za m'bwalo zimachedwa kwa aliyense, zipolopolo sizilembedwa pa nthawi yake, zitseko zimatseguka mochedwa, pamene mapaketi akuyenda pa msewu mwa nthawi zonse. Pingi yokhazikika, kutayika kwa 0, `FPS` yabwino, mawindo awiri aja ali phee, koma gemu ikukokakoka kwa onse: imeneyo ndi seva. Magemu ambiri ali ndi poyatsira manambalawa, monga gawo la `Telemetry` mu Counter-Strike 2 ndi `Net Debug Stats` mu Fortnite, ndipo ena amaika kachizindikiro kapadera kosonyeza kuti seva ikuchedwa. Vuto lotere limakonda kubwera tsiku limene gemu yatulutsa zatsopano ndipo anthu alowa ambiri nthawi imodzi. Mukatuluka n'kulowa mpikisano wina, kawirikawiri mumapatsidwa seva ina, ndiye ngati lagi yatha pompo popanda kusintha kalikonse m'nyumba, yankho mwalipeza.

Tisasokoneze kudwala kwa seva ndi kupatsidwa seva yakutali. Osewera a m'dera lanu akachepa, makamaka pakati pa usiku, gemu ikhoza kukuponyani ku Ulaya kuti musadikire nthawi yaitali. Mudzadziwa chifukwa pingi idzakhala 190 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osagwedezeka. Mankhwala ake ali m'makonzedwe a gemu, pamene mumasankha dera kapena kuika malire a pingi imene mungalole, monga `Max Acceptable Matchmaking Ping` mu Counter-Strike 2. Mukatsitsa malirewo mudzadikira nthawi yotalikirapo kuti mupeze osewera nawo.

Kuyeza konseku kuli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Adiresi ya `1.1.1.1` imayankhidwa ndi makina ambiri omwazikana pa dziko lonse, ndipo inu mumafika pa amene njira yanu yakufikitsani, choncho kuyankha kwake kwabwino kukutsimikizira za nyumba yanu ndi khomo la kampani yanu, osati njira yonse yopita ku seva ya gemu. Maseva ambiri a magemu sayankha `ping` n'komwe, ena amabisa adiresi yawo podziteteza kwa anthu oononga, ndiye kusayankha kwawo si umboni wakuti afa. Komanso `ping` ya Windows imafunsa kamodzi pa sekondi pamene gemu ikutumiza maulendo ambirimbiri, motero kudukiza kwa kanthawi kochepa kungadutse pakati pa mafunso awiri osaoneka. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuyeza kwa mphindi zingapo, manambala a gemu ali poyera pambali. Wosewera pa foni kapena pa makina ngati PlayStation angathe kuyeza ndi laputopu yolumikizidwa pa rauta yomweyo ataiika pamalo pomwe iye wakhala, ngakhale kuti zimenezo sizingaonetse vuto la wayifayi ya m'chipangizo chakecho.

Magemu ena a anthu awiri, makamaka omenyana ngati Tekken ndi Street Fighter, amalumikiza osewerawo mwachindunji, ndipo seva imangowakumanitsa. Pamenepo chigawo chachinayi cha ulendo ndi nyumba ya mnzanuyo, wayifayi yake ndi mafoni a abale ake. Lagi ikamabwera mukamasewera ndi munthu mmodzi yekhayo, ena onse mukusewera nawo bwino, m'pempheni ayeze rauta yake ndi timapaketi 200 tija, poyamba ali pa wayifayi, kenaka ali pa chingwe.